Achimwene a saundi, pulakatisi ya Lachinayi ija muikonze chonchi

Achimwene,

Mwaswera bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kungoti chimfine chagwira theka la alito nde mumva kutsokomola kwambiri, musadabwe. Fulashi ija ndapatsira mnyamata wathu wa kiyibodi, muli pulakatisi ya Lachinayi yonse maola awiri osadula, mathiraki sikisi: maiki ya sopulano, ya alito, ya tenala, ya besi, ya mayi amene amatsogolera nyimbo aja, ndi kiyibodi yomwe inalowa pa waya. Zonse ndi WAV, 48 kHz, 24-bit, nde yadya magiga sikisi ndi kanthu.

Ndiyambe ndi rekodingi ya mwezi watha ija, ndipo musandimve molakwika, ntchito munagwira yokoma zedi moti ana a kwaya anaiika pa sitetasi mpaka achibale aku Joni kumafunsa kuti alubamu ituluka liti. Koma ine yandipweteketsa. Pa nyimbo ya chopereka ija alito amayenera kuimba fe pa mzere wachitatu koma akhala akuimba fa kuyambira kalekale, nde mu mikisi yanu munali rivebu yambiri, kiyibodi ili pamwamba, cholakwikacho chinamira osamveka olo pang'ono. Iwo anamvera sabata yonse akudziuza kuti tili bwino, kufika Lamulungu mtchalitchi mopanda rivebu yanu ija, noti ija inatuluka poyera aliyense kuyang'anana. Vuto ndi langa chifukwa sindinakuuzeni chomwe ndimafuna. Rekodingi ya pulakatisi si ya pa wailesi, ndi yoti munthu amvere ali pa minibasi kapena akutsuka mbale azindikire kuti apa ndimaphonya. Nde lamulo ndi limodzi basi: phokoso la nyumba, la magetsi ndi la zipangizo chotsani, koma chilichonse chimene chatuluka pakamwa pa woimba chisiyeni mmene chilili, kaya chikunyansa bwanji.

Choyamba musanakhudze kanthu koperani foda yonse muisunge pena, muzigwira ntchito pa kope. Ndikunena izi chifukwa ndikadzafuna kumva zosakonza, mwina patatha miyezi itatu tikukangana kuti kodi tenala ankaimba chonchi kale, ndizipeze. Mayina a zinthu ndikulemba a mu pulogalamu ya Audacity poti ndi yomwe ndimaidziwa ine, inu ngati mukugwiritsa ina mudziwa zofanana nazo. Mukatsegula, mverani kaye maola awiriwo mothamanga mukuika zizindikiro ndi Ctrl+B pomwe nyimbo yayamba ndi pomwe yathera. Tinaimba nyimbo zinayi koma yachitatu tinaibwereza kanayi, ndikufuna ulendo womaliza ndi woyamba, iwiri yapakatiyo isiyeni. Podula muzidula mathiraki onse sikisi limodzi, mukadula imodzi yokha ndiye kuti zasemphana ndipo simudzazilumikizanso bwinobwino. Nkhani za ndalama ya yunifolomu ndi pomwe ndinakalipira anyamata ochedwa aja chotsani ndithu, zisapite pa gulu. Koma pomwe ndikupereka noti yoyambira, ndi pomwe ndikuwerenga wani thu firii, ndi pomwe ndaimitsa nyimbo nkunena kuti alito bwerezani, izo musiye, ndi mbali ya phunziro.

Pali kamphindi kena kofunika kwambiri musakataye. Koyambirira kwenikweni ndinawauza onse kuti akhale chete, nde pali masekondi ngati 20 opanda woyankhula, mukungomveka nyumba yokha. Ndi pamenepo pomwe mutamvere adani athu onse bwinobwino, ndipo tikagwiritsa ntchito kawiri.

Tsopano kung'ung'uza kwa magetsi, apa nde ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe besi wathu amafera. Sankhani masekondi a chete aja pa thiraki ya kiyibodi mupite Analyze kenako Plot Spectrum, Size muikweze kufika 16384 kapena kuposa kuti muone bwino zapansi. Magetsi athu kuno amayenda pa 50 Hz nde muona kamsonga pa 50, kenako ana ake pa 100, 150, 200 mpaka kumtunda. Ndikudziwa kuti dzanja limathamangira Notch Filter kukabaya onsewo mmodzimmodzi, koma taonani kaye izi. Nyimbo yachitatu ili mu kiyi G. Do wa besi wapansi, G2, ali pa 98 Hz, kutanthauza kuti wagundana khoma ndi 100 uja. So wake, D3, ali pa 147, pafupi ndi 150. G3 yemwe tenala ndi alito amakhalapo nthawi zambiri ali pa 196, pafupi ndi 200. Mwaona tsoka lake eti? Manoti amene nyimbo yonse yatsamirapo ndi omwewo akhala moyandikana ndi phokoso la magetsi. Kukula kwa dzenje lomwe Notch Filter imakumba ndi Frequency kugawa ndi Q, nde mukasiya Q pa 1 pa 100 Hz mwakumba dzenje la 100 Hz lathunthu, besi yense wagweramo. Mwezi watha ndimadabwa kuti bwanji madoda aja akafika pa do amangozimirira ngati atsekedwa pakamwa koma pa manoti ena akumveka, pano ndikuganiza kuti chinali chimenechi.

Nde chitani chonchi. Pa kiyibodi, poti ndi pomwe kung'ung'uzako kwachuluka chifukwa cha waya wa adaputa uja, bayani 50 ndi Q ya 20 kapena 30, mumvere. Ngati 100 ndi 150 akumvekabe bayaninso koma Q isatsike pansi pa 30, pamenepo dzenje la pa 100 limakhala la ma Hz atatu okha ndi kanthu. Pa maiki ya besi 100 musamukhudze nkomwe, bola kaphokoso katsale kusiyana nkuti do asowe, ndipo kumbukirani kuti munthu si kiyibodi, akakweza mawu pang'ono G wake wafika kale pa 100. M'malo mwake ikani High-Pass Filter pa 70 Hz, Roll-off 24 dB, imachepetsa 50 uja ndi kugunda kwa mapazi pa simenti koma noti yapansi kwambiri yomwe besi wathu amafika, E2 pa 82 Hz, imatsala. Kwa enawo mutha kudula mokwererako popanda mantha: tenala pa 100, alito pa 130, sopulano ndi mayi otsogolera pa 160 kapena apo. Sopulano wathu satsika kupitirira C4 yomwe ili pa 262, nde zonse zili pansi pa 160 pa maiki yawo ndi ng'oma ndi mapazi basi.

Chenjezo lina, cha m'ma 6 koloko magetsi anazima tinayatsa jenereta, nyimbo yachinayi yonse ndi ya pa jenereta. Jenereta yathu siikhazikika pa 50, imakwera nkutsika malinga ndi katundu yemwe yasenza, nde dzenje lopapatiza lija liziphonya. Pamenepo musalimbane nazo, High-Pass yokha ikwanira, zotsalazo tizipirira.

Mukamaliza magetsi nde mubwere ku kaphokoso ka sii ka mamaiki ndi mikisa. Sankhaninso chete uja, Noise Reduction, dinani Get Noise Profile, kenako musankhe thiraki yonse. Thiraki iliyonse itengeredwe chitsanzo chakechake, musatenge cha sopulano nkukachiika pa besi chifukwa mamaiki ndi osiyana ndipo anakwezedwa mosiyana. Manambala ndikupempha awa: Noise reduction pa 6 dB, mukapanikizika mufike 9, Sensitivity isiyeni pa 6. Ndikudziwa kuti pa nyimbo za mu situdiyo mumafuna kumbuyo kukhale zii ngati kumanda, koma pa kwaya mukafika 15 kapena 20 mawu amayamba kumveka ngati tikuimbira m'chidebe cha madzi, makamaka kumchira kwa noti yaitali pomwe tikutsitsa mawu pang'onopang'ono, mumamveka timaphokoso ngati mbalame zazing'ono. Njira yodziwira kuti mwapyola ilipo yosavuta, dinani Residue mumvere zomwe zikuchotsedwa. Ngati mukumva sii yekha zili bwino. Mukangomvamo mawu a nyimbo, olo patali, ndiye kuti mukudya oimba, bwererani mmbuyo.

Chomwe ndikuopa kwenikweni apa ndi zilembo. Chichewa chathuchi kampweya kakang'ono kamasintha nkhani yonse, khama mukalichotsa mpweya latsala kama, phala lasanduka pala. Ine ndakhala miyezi ndikulimbana ndi kwayayi kuti azitulutsa ph, th, kh ndi tch limodzi, komanso ka m ndi ka n koyambirira pa mawu ngati Mbuye ndi mtendere kazimveka, osangolumphira pa bu. Timaphokoso timeneti ndi tofooka ndipo timafanana kwambiri ndi sii uja, nde makina akamachotsa phokoso mwaukali ndi toyamba kupita. Pa chifukwa chomwechi Noise Gate musaike olo pa thiraki imodzi. Geti imatseguka mochedwa, imadya chiyambi cha liwu, imachotsanso kupuma. Kupuma ndikukufuna, ndikufuna ndimve kuti tenala akupumira pakati pa liwu pa vesi yachiwiri, nawonso adzimve okha achite manyazi. Ma s a sopulano akakhala akubaya m'khutu mutha kuwatsitsa pang'ono cha pa 6 mpaka 8 kHz, ma dB awiri atatu, koma ngati akuthera nthawi zosiyana, wina s apa wina s apo ngati njoka zitatu, chimenecho ndi cholakwika chathu, chisiyeni chimveke.

Zina ndi zazing'ono ndingodutsamo. Mu nyimbo yachiwiri muli ka dididi dididi kaja ka foni ikayandikira waya, winawake anaika foni pa mikisa, kali pa thiraki ya kiyibodi yokha masekondi ochepa nde ingotsitsani kiyibodiyo pamenepo ndi Envelope Tool. Benchi ikakhuluka kapena wina akatsokomola pakati pa mavesi tsitsani, akatsokomola mkati mwa noti musiye, kudula pamenepo kumasiya chibowo chomwe chimasokoneza kuposa chifuwacho. Mvula inagwa pa malata mphindi ngati faifi mu nyimbo yoyamba, imeneyo musataye nayo nthawi, mvula ili paliponse pomwe mawu ali ndipo siikhala chimodzimodzi, mukaithamangitsa muthamangitsa ndi kwaya yomwe. Pa kolasi yomaliza ya nyimbo yachitatu mayi otsogolera anayandikira maiki mpaka inaphulika, yatsani Show Clipping in Waveform muona mizere yofiira. Tsitsani thirakiyo kaye ndi ma dB angapo kuti pakhale malo kenako yesani Clip Fix, ikakhala nsonga zochepa imathandiza, ikakhala sekondi yonse yaphwanyika ingotsitsani maiki yawo pamenepo, amveka kudzera mu maiki ya sopulano poti anaima pafupi.

Tsopano chomwe sindikufuna ngakhale mutachita mwaulere: kuwongola mawu. Otochuni ayi, kukoka noti ndi dzanja ayi, kusuntha gulu lomwe lalowa mochedwa kuti lilowe pa nthawi ayi, kutenga kolasi yabwino nkuimata pomwe panali yoipa ayi. Ndikupatseni chitsanzo chenicheni chomwe mukachipeze. Nyimbo yachitatu, ulendo womaliza, ndi ya mphindi 4 ndi masekondi 10. Timayamba ndi kiyibodi mu G. Vesi yachitatu kiyibodi imasiya timaimba tokha, ndipo ikamabwerera pa kolasi yomaliza mumva kugundana koopsa masekondi awiri atatu, chifukwa ife tinali titatsika pafupifupi theka la sitepe, tili kufupi ndi F shapu pomwe kiyibodi ikadali pa G. Khutu lanu likuuzani kuti bisani pamenepo, mwina potsitsa kiyibodi kapena pokweza kwaya yonse ndi makina. Musatero chonde. Kugundana kumeneko ndi chinthu chofunika kuposa zonse mu fulashi yonseyi. Ndakhala ndikuwauza kuti timatsika iwo nkumati abambo mukukokomeza, nde pano adzimvere okha. Ndipo mundithandize kupeza kuti amayamba kutsika ndani, mverani thiraki iliyonse payokha pa vesi yachitatuyo mukuyerekeza ndi G wa kiyibodi. Ine ndikukayikira sopulano pa mzere womwe umatsika kuchoka pa do wapamwamba kupita ti, la, so, amatsika masitepe akuluakulu kenako pokwera sabwezera, koma mwina ndikuwanamizira, mundiuze sekondi yake.

Tikafika pa kusakaniza, yambani ndi mamaiki anayi a magulu okha, kiyibodi ndi otsogolera atseke kaye. Apa pali funso lomwe mwina mufunsa, kuti ngati sitikubisa zolakwika nde volyumu ya magulu tiyisiye mmene ilili? Ayi, chifukwa kukwera kwa thiraki sikukunena za oimba, kukunena za pomwe maiki inaima ndi mmene tinapotokolera pa mikisa. Chomwe muchite ndi ichi: pezani koodi yomaliza ya nyimbo yoyamba pomwe tonse tagwira noti yaitali bwinobwino, linganizani magulu anayiwo pamenepo kuti aliyense amveke, mukatero manja achoke. Musamakwezenso alito pomwe afooka kapena kutsitsa sopulano pomwe akuwa. Sopulano tili nawo 14, besi asanu okha, nde pomwe sopulano akwirira anzawo mkati mwa nyimbo ndikufuna zimveke kuti akwirira.

Kumanzere ndi kumanja muwaike mmene timaimira, sopulano kumanzere ngati 40, alito kumanzere pang'ono ngati 15, tenala kumanja 15, besi kumanja 40. Musawakankhire kumapeto kwenikweni chifukwa ambiri amamvera ndi kahedifoni kamodzi, kenako kali kwa mnzawo kapena kanafa kale, nde wa besi atha kupezeka akumva sopulano yekhayekha. Otsogolera pakati, koma asakhale pamwamba ngati woimba wa bandi, nyimbo zathu zambiri ndi zoti iwo aponya ife tiyankha nde kuyankhako kukhale ndi mphamvu yofanana ndi kuponya. Kiyibodi ilowe pomalizira ndipo ikhale pansi, yongokwanira kuti munthu amve kiyi. Muyeso wake ndi uwu, mukatha kulemba mawu onse a vesi osawadziwa kale ndiye kuti kiyibodi ili pabwino. Ng'oma ilibe maiki koma musadandaule, yalowa mwa aliyense, vuto likhala kuichepetsa osati kuisowa.

Mukatero dinani kuti zonse zikhale mono mumvere, apa nde pamabisala chilombo china. Maiki iliyonse imatola gulu lake komanso gulu loyandikana nalo mochedwerako, poti mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, kutanthauza pafupifupi mamilisekondi atatu pa mita iliyonse. Mawu a alito amafika pa maiki yawo, kenako nkufikanso pa ya tenala yomwe ili mamita awiri kutali patapita mamilisekondi ngati sikisi, nde ziwirizi zikaphatikizana manoti ena amadyana, zimamveka ngati munthu akuimbira mu paipi. Mukamva zimenezo yesani Invert pa thiraki imodzi mwa ziwirizo, musunge mbali yomwe mawu akumveka odzadza. Sizithetsa zonse, nthawi zina zimangosamutsa vuto kupita pa noti ina, zikatero tsitsani pang'ono maiki yomwe yatola za eni kwambiri. Ya tenala ndikuikayikira chifukwa inaima patali ndi eni ake, pafupifupi mita ndi theka, pomwe lamulo lija limati mtunda wa pakati pa mamaiki ukhale katatu kuyerekeza ndi wa maiki ndi oimba ake. Tinaphwanya ndife.

Rivebu musaike olo kadontho. Tchalitchi chathu ndi njerwa, simenti ndi malata, mabenchi opanda anthu, chili nayo kale yambiri moti ndikanakonda itachepa. Ngati mawu akumveka ngati ali m'katoni tsitsani ma dB awiri kapena atatu penapake pakati pa 250 ndi 400 Hz pa alito ndi tenala, koma pa besi samalani, ndifotokoza pansipa. Compressor ikhale imodzi pa mikisi yonse, Ratio 2:1, izingogwira ma dB awiri atatu pomwe takuwa kwambiri. Mukaipanikiza, vesi yomwe timaimba motsitsa imakwera kufanana ndi kolasi, nde ine ndiwauza bwanji kuti simukutsitsa mawu kapena mwatsitsa bwino? Komanso ng'oma ikamenya kwaya yonse imagwada nkudzukanso, zimatopetsa kumvera.

Za besi zija. Enanso ambiri amvera pa sipika ya foni, ndipo kasipika kameneko 98 Hz sikatulutsa nkomwe. Chomwe chimapangitsa kuti munthu amvebe noti ya besi pa foni ndi timawu tapamwamba tomwe noti iliyonse imabereka, pa G2 tili pa 196, 294, 392 kumapita. Nde mukakweza pansi pa 100 kuti besi anenepe, pa masipika anu a mu situdiyo zikoma koma pa foni palibe chasintha, mwangodya malo. Bola musachotse kanthu pa besi pakati pa 200 ndi 400, ndipo muwonjezere ma dB awiri cha pa 700 kapena 800 kuti m'mphepete mwa mawu awo muoneke. Musanatumize ikani fayilo pa foni yotchipa, muiike pa tebulo, muime patali pang'ono, mukatha kutsatira mzere wa besi kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndiye yatheka.

Nyimbo iliyonse ndikufuna mafayilo asanu. Imodzi ya onse monga ndafotokozera, inayi ya magulu. Ya gulu ipangeni chonchi: maiki ya gululo ikhale pomwe inali, ena atatuwo atsike ndi 12 dB, kiyibodi isasinthe, zonse mono. Musawachotseretu enawo, munthu wa alito amayenera kumva pomwe sopulano ali kuti adziwe polowera. Ndikudziwa kuti sizipatukana bwino chifukwa mamaiki anatolerana, mwina kusiyana kwenikweni kukhala theka la 12 ameneyo, palibe kanthu, bola wa tenala amve kuti uyu ndi mzere wanga. Poyambirira pa fayilo iliyonse pakhale noti yoyambira ija ndi kuwerenga kwanga. Ya alito ya nyimbo ya chopereka ndi yomwe ndikuidikira kwambiri, fa uja akamveke bwinobwino pa mzere wachitatu.

Pomaliza kukweza. Gwiritsani Loudness Normalization muike -16 LUFS pa ya onse ija, kenako Limiter kuti nsonga zisapyole -1 dB, za magulu muzilinganize ndi khutu kuti munthu asamathamangire volyumu akachoka pa ina kupita pa ina. Mukaona kuti Limiter ikugwira ntchito nthawi zonse kuti mufike pa -16, tsikani pa -18, palibe akupikisana nafe. Ya onse ikhale MP3 ya 128 kbps sitiriyo, nyimbo ya 4:10 ija ituluka mamega anayi. Za magulu mono pa 64 kbps, mamega awiri iliyonse. Musaseke, bandulo ndi nkhani yaikulu kuno, fayilo ikapitirira mamega teni theka la kwaya silitsitsa, amadikira kuti wina awaponyere pa Bluetooth Loweruka pomwe nthawi yophunzira yatha kale. Mayina alembedwe motere kuti asasokonekere m'mafoni:

```
nyimbo3_onse.mp3
nyimbo3_alito.mp3
nyimbo3_onse_ulendo1.mp3
```

Potumiza pa WhatsApp musankhe Document, osaijambulanso ngati voisi noti monga anachitira mlembi wathu ulendo wina, anaika foni pa sipika nkujambula, ntchito yonse ya sabata kuthera pomwepo. Munditumizire ine kaye ndekha osati pa gulu, ndimvere usiku umodzi. WAV ya mikisi ya onse muisunge pa fulashi yomweyo pamodzi ndi zosakonza zija.

Pulakatisi yotsatira ndi Lachiwiri nde zikafika Lamulungu madzulo zindithandiza, anthu akhale nazo tsiku limodzi lathunthu. Mukaona kuti nthawi yachepa yambani ndi nyimbo yachitatu ndi ya chopereka, zinazo zibwere pambuyo. Ndalama ya thiransipoti ndi ya ntchito msungichuma akuponyerani pa foni Lachisanu. Ndipo Lachinayi likubwerali ngati mungapezeke mubwereko msanga ndi theka la ola, tidzasunthe maiki ya tenala ija iyandikire eni ake, tidzayesenso kiyibodi pa soketi ina tione ngati kung'ung'uza kuchepe tisanajambule. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine wanu,
Mtsogoleri wa kwaya